Gulu lanu la WhatsApp lili ndi zitseko ziwiri, mwatseka chiti?

Ma adimini ambiri a magulu a kalasi amene ndimacheza nawo amaganiza kuti akaletsa anzawo kuwonjezera anthu, basi gulu latetezeka. Koma ayi ndithu. Tiyeni tione chifukwa chake.

Tiyerekeze kuti ndinu adimini wa gulu la Bayoloje la Fomu 4, la ana 60 amene akukonzekera MSCE. Tsegulani gululo, dinani dzina lake pamwamba, kenako pitani pa `Group permissions`. Ndi adimini yekha amene angasinthe zomwe zili pamenepo.

Choyamba ndi `Edit group settings`. Chikakhala choyatsa, aliyense angathe kusintha dzina la gulu, chithunzi ndi mawu olifotokoza. Angathenso kutchera kuti mameseji atsopano azifufutika okha pakatha maola 24, ndipo manotsi amene aphunzitsi atumiza lero mawa kulibe. Ichi ine ndimathimitsa nthawi zonse.

Chachiwiri ndi `Send new messages`. Mukachithimitsa, olemba amatsala ma adimini okha. Zimathandiza pamene mukulengeza ndandanda ya mayeso, kuti isakwiririke ndi nthabwala. Koma mukaiwala kuyatsanso, wofuna kufunsa funso amasowa polemba, gulu n'kusanduka bolodi ya zidziwitso.

Chachitatu, chomwe chimapusitsa ambiri, ndi `Add other members`. Kuthimitsa ichi kumatseka chitseko chimodzi chokha, choti membala alowetse mnzake mwachindunji. Chitseko china ndi linki yoitanira anthu. Ngati munaitumizapo kale, ndipo wina anaiponya pa gulu lina, aliyense amene ali nayo akangodina walowa.

Nanga vuto lake n'chiyani? Mlendoyo akalowa amaona manambala a anthu onse 60. Atha kuyamba kuwalembera mmodzimmodzi, kunama kuti akugulitsa mapepala a mayeso, kapena kuvutitsa atsikana. Ngakhale mumuchotse, manambala amene wakopera apita nawo.

Kuti mudziwe chitseko chimene wadzera, werengani kauthenga kamene WhatsApp imaika pakati pa macheza munthu akalowa. Kamanena ngati wina wamuwonjezera, ndi dzina la womuwonjezerayo, kapena ngati walowa yekha kudzera pa linki.

Ngati ndi linki, chitani zinthu ziwiri. Pitani pomwe pali linkiyo ndipo dinani `Reset link`, yakaleyo isiya kugwira ntchito pompo. Kenako yatsani `Approve new members`. Tsopano wodina linki azidikira kaye mpaka adimini amuvomere. Nambala yomwe simukuidziwa, funsani m'kalasi musanaivomere.

Chomaliza, zonsezi sizimanga adimini mnzanu. Iye angathe kuzisintha, kulowetsa amene wafuna, ngakhale kupatsa wina udindowo. Ndiye musagawe uadimini ngati maswiti. Kwa gulu la kalasi, mphunzitsi ndi ana awiri odalirika akwanira.