Chifukwa chake maimelo a kampani akuthera mu sipamu

Kasitomala akamati invoisi sinafike, pamene inu munatumiza, kawirikawiri imakhala ili mu sipamu. Gmail inakayikira ngati ndinudi munaitumiza.

Taganizirani kampani yomwe imalemba makalata kudzera ku Google, koma mainvoisi amachokera ku pulogalamu ina ya maakaunti. Mu DNS ya domeni yawo muli mzere wa SPF, wotchula maseva ololedwa kutumiza m'dzina lawo:

```
v=spf1 include:_spf.google.com ~all
```

Pulogalamu ya mainvoisi ija mulibemo, ndiye makalata ake amaoneka ngati achinyengo. Apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa: amawonjezera mzere wachiwiri wa SPF. Musatero! Mizere ikakhala iwiri, yonse imakanidwa. Ikani `include:` ya pulogalamuyo mu mzere womwewo, tsogolo kwa `~all`.

DKIM ndi siginecha imene seva imadinda pa kalata iliyonse. Kiyi yotsimikizira siginechayo mumaiika mu DNS, kwa Google pa `google._domainkey`, kenako n'kubwerera kukaiyatsa, zomwe anthu amaiwala. Pulogalamu ya mainvoisi ikufunikanso kiyi yakeyake.

Mukamaliza, dzitumizireni invoisi ku Gmail, mutsegule `Show original`. SPF ndi DKIM zonse zionetse `PASS`, ndipo domeni ya pa DKIM ikhale yanu.