Paipi yabwera yosakwana: alipire ndani ulendo woibweza?

Alimi ambiri a mthirira sakweranso basi kupita kutauni kukagula zipangizo. Amaitanitsa pafoni, ndalama n'kutumizanso pafoni pomwepo, katundu n'kubwera pa lole kapena pa basi. Njirayi imapulumutsa thiransipoti, koma mutu umakula tsiku limene mwamasula katundu n'kupeza kuti si yemwe munaitanitsa.

Tiyerekeze kuti kalabu ina ku Dedza yaitanitsa mapaipi apulasitiki 20, iliyonse yotalika mamita 6, kusitolo ya ku Lilongwe. Pampu yawo ndi ya mainchi awiri, choncho mlembi analemba mu uthenga kuti akufuna mapaipi a mamilimita 63. Lole itafika, zolembedwa m'mbali mwa mapaipiwo zikuonetsa 50. Paipi yotere singagwirane ndi zolumikizira zomwe kalabuyo ili nazo, ndipo ngakhale atapeza chochepetsera, madzi ofika kumunda angachepe chifukwa njira yake ndi yopapatiza.

Apa wolakwa ndi wogulitsa, ndipo mtolo wa thiransipoti ndi wake. Lamulo la kagulitsidwe ka katundu m'Malawi, monganso la ku Zambia, linachokera ku lamulo la ku Mangalande la mu 1893. Limati katundu wogulidwa pongomufotokoza ayenera kufanana ndi mmene anafotokozedwera. Limatinso wogula amene wakana katundu pa chifukwa chomveka sakakamizidwa kumubweza yekha, pokhapokha ngati anagwirizana zotero pachiyambi. Chofunika n'kudziwitsa wogulitsa kuti katunduyo wakanidwa. Amene amaoda zinthu ku Joni adziwe kuti lamulo la kumeneko loteteza ogula, la mu 2008, limapereka masiku khumi ogwira ntchito obwezera katundu wosafanana ndi woitanitsidwa, ndipo wolipira ndi wogulitsa.

Koma ufulu wokana katundu umatha. Mukadula paipi imodzi, kapena kuimata ndi guluu, mwaonetsa kuti katunduyo mwamulandira ngati wanu. N'chimodzimodzinso kukhala naye nthawi yaitali osanena kanthu. Apa ndi pamene makalabu amagwa nayo: amadikira msonkhano wa kumapeto kwa mwezi kuti onse akambirane, pomwe tcheyamani ndi mlembi akanatha kutumiza uthenga tsiku lomwelo. Mapaipiwo asungidwe pamthunzi, omangidwa monga anabwerera.

Nkhani imasintha ngati mlembi anangoimba foni n'kunena kuti akufuna "paipi ya mainchi awiri". Mainchi awiri ndi pafupifupi mamilimita 50, ndiye wogulitsa wina angatumize ya 50. Komatu nambala ya pa paipi yapulasitiki imanena za kukula kwake kunja, ndipo yogwirizana ndi zolumikizira za mainchi awiri ndi ya 63. Pamenepa palibe umboni woloza wolakwa. Chanzeru n'kupempha kuti asinthe katunduyo, ndipo mugawane mtengo: kalabu ilipire ulendo wobweza, sitolo ilipire wotumiza mapaipi oyenera. Koma ngati munalemba nokha 50 pomwe mumafuna 63, kusinthako ndi chifundo chabe cha mwini sitolo, ndipo maulendo onse awiri ndi anu.

Nanga mupemphe bwanji? Imbani foni ngati mukufuna, koma tsatizani ndi uthenga wolembedwa. Jambulani paipi pamene pali nambala, lisiti, ndi uthenga umene munaitanitsira. Mawu ake angakhale otere:

"Zikomo bambo. Pa 3 Juni tinaitanitsa mapaipi 20 a mamilimita 63, ndipo tinalipira zonse. Lero talandira a mamilimita 50, monga zithunzizi zikuonetsera. Sitinawagwiritse ntchito ndipo sitikuwalandira. Chonde titumizireni oyenera pofika Lachisanu, ndipo mutiuze galimoto yomwe idzatenge awa pa mtengo wanu. Ngati a 63 mulibe, mutibwezere ndalama zathu pamodzi ndi za thiransipoti."

Uthengawu ulibe chipongwe, ndipo sukufunsa kuti "kodi mungatithandize?" ngati kuti kalabu ikupempha mphatso. Kawirikawiri wogulitsa amayankha kuti, "Tumizani kaye, tidzakubwezerani." Musakweze katundu asanalembe kuti adzabweza ndalama zingati komanso liti, ndipo sungani lisiti ya wonyamula katunduyo. Chabwino koposa n'chakuti galimoto yobweretsa mapaipi oyenera ibwerere ndi olakwikawo.

Akaloza chikwangwani choti katundu wogulidwa sabwezedwa, mukumbutseni mwaulemu kuti katundu amene munagula sanafike n'komwe. Akakanitsitsa, tengani zithunzi, malisiti ndi mauthenga onse mukadandaule ku bungwe loona za chilungamo pa malonda: CFTC ku Malawi, kapena CCPC ku Zambia.