Mchere wa pa Mbale Ukagwera pa Moto

Madzi a mchere akasefukira pa chitofu cha gasi, lawi labuluu limasanduka lachikasu. Chikasucho n'cha sodiyamu wa mu mcherewo. Kutentha kumakankhira elekitironi ya sodiyamu m'mwamba, ndipo ikamabwerera pamalo pake imatulutsa mphamvu ija ngati kuwala.

Tsono taonani kuwalako kudzera m'galasi lomwaza mitundu. Simuona utawaleza wathunthu ayi. Mumangoona mizere iwiri yopyapyala yoyandikana, pa mananomita 589.0 ndi 589.6, kwinako kuli bii. Apa ndi pomwe pagona nkhani. Elekitironi ikanatha kuima paliponse, ngati munthu wotsika chitunda, ikanatulutsa mitundu yonse. Koma imatsika ngati pa makwerero: masitepe ake sasintha, choncho mphamvu yotuluka imakhala yomweyomweyo, pafupifupi maelekitironivoti 2.1. Niels Bohr ndiye anafotokoza za masitepewa mu 1913, pophunzira mizere ya haidirojeni.

Koma maso okha amanamiza. Potaziyamu amapereka lawi lofiirira motuwa, lomwe kadontho ka thukuta la m'manja pa waya woyesera kamaliphimba ndi chikasu. N'chifukwa chake oyesa amatsuka wayayo mu asidi, n'kuyang'ana lawi kudzera m'galasi labuluu la kobati, lomwe limameza chikasucho.