Ophunzira 60 akwera kalasi, koma kompyuta yasintha malo 71

Chaka cha sukulu chikayamba, mlembi wa ku ofesi amakhala ndi ntchito yokweza ophunzira m'kaundula: a Fomu 3 alembedwe kuti ndi a Fomu 4, a Fomu 2 apite mu Fomu 3. Amene amasunga kaundulayo mu Excel sataya nthawi kukonza dzina limodzilimodzi. Amadina Ctrl+H, pa Find what n'kulemba F3, pa Replace with n'kulemba F4, kenaka Replace All. Ntchito ya tsiku lonse yatha m'kuphethira kwa diso. Koma batani lomweli likhoza kupatsa mwana ngongole ya mnzake, ndipo kompyuta sichenjeza.

Tiyerekeze kaundula wa ophunzira 240, kuyambira mzere 2 mpaka mzere 241. Kolamu B, womwe ndi mzere wotsika pansi wa chilembo B, ndi wa kalasi. Mu E muli fizi yofunika, mu F muli ndalama zimene kholo lalipira, ndipo mu G muli fomula yowerengera zotsala. Pa mzere 3 fomulayo ndi iyi:

```
=E3-F3
```

Vuto lagona pamenepo. Kwa mlembi, F3 ndi kalasi. M'fomulamu, F3 ndi kabokosi ka mu kolamu F pa mzere 3. Excel ikamasintha mawu siyang'ana nambala imene ikuoneka pamwamba, imawerenga zimene zinalembedwa m'kati mwa kabokosi. N'chifukwa chake pa Replace, mukatsegula Options, malo olembedwa Look in amakupatsani Formulas basi, palibe china chosankha. Ikapeza zilembo F ndi 3 zitagundizana imazisintha, kaya zili mu kalasi kaya zili m'fomula.

```
=E3-F4
```

Tsopano mwana wa pa mzere 3 akuchotseredwa ndalama zimene analipira wa pa mzere 4. Sizithera pomwepo. F30 imayamba ndi F3, choncho imasanduka F40, F31 isanduka F41, mpaka F39. Ana khumi enanso akuwerengeredwa malipiro a anzawo okhala mizere khumi pansi pawo. Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti mafomula onsewa ndi ovomerezeka. Simuona #REF! kapena #NAME?, mumangoona manambala ooneka bwinobwino. Zimadzaululika tsiku limene mayi wafika ku ofesi atanyamula lisiti, mwana atabwezedwa kunyumba chifukwa cha ngongole imene alibe.

Chizindikiro chimakhalapo, kungoti ambiri timathamangira kudina OK. Ikamaliza, Excel imanena chiwerengero cha malo amene yasintha. Ngati a Fomu 3 ndi 60 koma uthenga ukuti 71, malo 11 owonjezerawo ndi mafomula aja. Tsekani uthengawo, tsekaninso bokosilo, dinani Ctrl+Z nthawi yomweyo, zonse zibwerera mwakale. Choncho musanasinthe kanthu, dziwani nambala imene mukuyembekezera.

Njira yotetezeka imayamba musanadine Ctrl+H. Dinani chilembo B pamwamba kuti kolamu yense asankhidwe. Lamulo la Excel ndi ili: mukasankha timabokosi tiwiri kapena kuposerapo, imafufuza m'menemo mokha, koma kakakhala kamodzi imayendayenda tsamba lonse. Anthu ena amaganiza kuti kuika By Columns pa Search ndiye kutsekera ntchito mu kolamu mmodzi. Ayi ndithu. Kumeneko n'kungouza kompyuta kuti iziyenda chotsika m'malo moyenda chopingasa, koma imafikabe paliponse.

Kenaka tsegulani Options muone kuti pa Within palembedwa Sheet. Pakakhala Workbook, Excel ilowa m'matsamba onse a failoyo, ngakhale la teremu yatha, ndipo kolamu amene mwasankha uja sathandizanso. Muziyang'anapo nthawi iliyonse, chifukwa bokosili limasunga zimene munasankha poyamba mpaka mutatseka pulogalamu. Yang'ananinso pamwamba penipeni, pafupi ndi dzina la failo. Pakaoneka mawu akuti Group, ndiye kuti matsamba angapo asankhidwa pamodzi ndipo chilichonse mungachite chigwera onsewo. Dinani dzina la tsamba lanu ndi batani la kumanja la mbewa, musankhe Ungroup Sheets.

Chotsekera chachiwiri ndi kuchonga pa Match entire cell contents. Apa Excel imangosintha kabokosi kamene zonse zolembedwamo ndi F3, popanda china kutsogolo kapena kumbuyo. Fomula imayamba ndi chizindikiro cha =, ndiye imapulumuka. Ine ndimachita zonse ziwiri, kusankha kolamu ndi kuchonga, pakuti chimodzi ndikachiiwala chinacho chimandigwira. Musanadine Replace All, yambani mwadina Find All. Pansi patuluka mndandanda wa malo onse amene apezeka ndi chiwerengero chake, ndipo mndandandawo uli ndi mbali yolembedwa Formula. Ngati chiwerengero ndi 60 ndipo mbali imeneyo ilibe kanthu, pitirizani. Ingosamalani kuti musadine dzina lililonse m'mndandandamo, chifukwa kutero kumasankha kabokosi kamodzi, kolamu uja n'kumasuka.

Pali pamene kuchongako sikugwira. Sukulu ikakhala ndi F3A ndi F3B, palibe kabokosi kolembedwa F3 yokha, choncho Excel inena kuti sinapeze kanthu. Mumayenera kuchotsa chongacho n'kudalira kolamu amene mwasankha. Nanga ngati mu kolamu yemweyo muli mafomula ena osakanikirana ndi zolemba pamanja? Sankhani kolamuyo, dinani F5 pa kiyibodi, kenaka Special, musankhe Constants, ndi OK. Excel isiya mafomula onse n'kusankha zolembedwa pamanja zokha. Musadine pena paliponse, pitani pa Ctrl+H pomwepo.

Pa nkhani ya makalasiyi pali msampha wina umene sukhudza mafomula. Mukayamba ndi F1 kupita ku F2, kenaka F2 kupita ku F3, ana a Fomu 1 aja akwera kawiri, ndipo pomaliza sukulu yonse ikhala mu Fomu 4. Yambirani kumwamba: a F4 achoke kaye kapena alembedwe kuti amaliza, kenaka F3 ikhale F4, F2 ikhale F3, F1 ikhale F2.

Amene amagwiritsa ntchito Google Sheets ali ndi mwayi pang'ono. Kumeneko mafomula sakhudzidwa pokhapokha mutachonga nokha pa Also search within formulas. Koma chenjerani ndi malo olembedwa Search, chifukwa mukatsegula musanasankhe dera amakhala pa All sheets. Ikani This sheet, kapena Specific range n'kulemba dera lenilenilo, monga B2:B241.

Ngati mwazindikira mochedwa, failo itasungidwa kale n'kutsekedwa, Ctrl+Z sithandizanso. Musayese kubweza posintha F4 kukhala F3 pa tsamba lonse, chifukwa mudzaononga mafomula a pa mzere 4 ndi a pa mizere 40 mpaka 49 amene anali bwino, ndipo a Fomu 4 onse abwerera m'mbuyo. Pitani pa Formulas, mudine Show Formulas kuti mafomula onse aonekere, mutsike ndi kolamu G mukuona ngati manambala awiri a m'fomula iliyonse akufanana ndi nambala ya mzere wake. Kukonza kwake n'kosavuta: koperani fomula ya pa G2, imene sinakhudzidwe, muiike kuyambira G3 mpaka G241. Mukatero, tengani buku la malisiti mufananitse ndi mizere 11 ija, ndipo ngati makalata a ngongole anapita kale kwa makolo, awo ndiwo oyamba kuwaimbira foni.