Chidziwitso cha pakhoma la jimu: kamwedwe ka kiriyetini

Kiriyetini ndi ufa woyera wopanda fungo umene anthu onyamula zitsulo amasungunula m'madzi n'kumwa. Thupi limamudziwa kale: chiwindi ndi impso zimapanga pafupifupi galamu imodzi pa tsiku, ndipo wina amachokera mu nyama ndi nsomba. Pafupifupi yense amasungidwa m'minofu, momwe amathandiza kubwezeretsa mphamvu msanga pa ntchito yolemera ya masekondi ochepa, monga kukankha chitsulo kapena kuthamanga liwiro la mtondo wadooka. Amene mikono inkamuthera atakankha kasanu ndi katatu angathe kuwonjezera kamodzi kapena kawiri, ndipo minofu imakula chifukwa cha ntchito yowonjezerayo.

Chidziwitso cha pakhoma chimawerengedwa ndi munthu woimirira, wotuluka thukuta, amene akupuma mphindi imodzi asanabwerere ku chitsulo. N'chifukwa chake mzere woyamba uyenera kukhala wa muyezo, ndipo unganene motere: "Imwani magalamu 3 mpaka 5 kamodzi pa tsiku, ngakhale tsiku lopuma." Magalamu 5 ndi pafupifupi supuni yaing'ono ya tiyi imodzi, ngakhale kasupuni kobwera m'chitini kapena sikelo ndiye zodalirika, poti masupuni a m'nyumba amasiyana kukula. Nthawi yomwera ilibe kanthu kwenikweni. Chofunika n'kusadumphitsa masiku, chifukwa kiriyetini amadzaza minofu pang'onopang'ono, ndipo pa muyezo umenewu imadzaza pakatha masabata atatu kapena anayi.

Pamuyezo pomwepa ndi pamene ambiri amalakwitsa. Pali njira yofulumizitsa imene imalembedwa pa zitini zambiri: magalamu 20 pa tsiku kwa masiku 5 mpaka 7, kenaka n'kutsikira pa magalamu 5. Magalamu 20 amenewo amayenera kugawidwa kanayi, m'mawa, masana, madzulo ndi usiku. Mnyamata amene wangomva kwa anzake kuti "uyambe ndi 20" amathira masupuni anayi m'botolo limodzi, n'kugugudiza m'mimba muli pululu. Posakhalitsa m'mimba mumayamba kubwadamuka, nseru imabwera, mwina n'kutsekula kumene, chifukwa ufa umene matumbo alephera kuyamwa umakokera madzi m'matumbomo. Akapitiriza muyezo waukuluwo kupyola sabata, minofu imakhala itadzaza kale ndipo wotsalayo amangotuluka ndi mkodzo. Chitini cha magalamu 300, choyenera kukhala masiku 60, chimatha m'masiku 15. Njira yofulumirayi ndi yapang'onopang'ono ija zimafikitsa pamalo amodzi, choncho chidziwitso chabwino chimangonena kuti kuthamangira n'kosafunika.

Mzere wina uyenera kuchenjeza za sikelo. M'sabata zoyambirira thupi likhoza kulemerako ndi kilogalamu imodzi kapena ziwiri. Amenewo ndi madzi amene alowa m'minofu, osati mafuta, ndiponso si minofu yatsopano. Munthu azimwa madzi mokwanira, makamaka nyengo yotentha, ndipo mkodzo wachikasu kwambiri umasonyeza kuti madzi akuchepa.

Mzere wofunika zilembo zikuluzikulu ndi wa anthu osayenera kuyamba asanaonane ndi dokotala. Kafukufuku wa zaka zambiri sanapeze kuti muyezo wamba umawononga impso za munthu wamkulu wathanzi. Koma wodwala impso, wa matenda a shuga kapena othamanga magazi, amene impso zake zingakhale zitafooka iye osadziwa, ayenera kufunsa kaye. Chimodzimodzinso mayi woyembekezera kapena woyamwitsa, wachinyamata wosakwana zaka 18, ndi aliyense amene amamwa pafupipafupi mankhwala opha ululu monga aibupurofeni ndi daikulofenaki, omwe paokha amalemetsa impso. Mankhwala amenewa m'majimu sasowa, chifukwa msana ndi mapewa a onyamula zitsulo sizichedwa kuwawa.

Palinso nkhani ya kuyezetsa magazi. Thupi likagwiritsa ntchito kiriyetini pamatsala chinthu chotchedwa kiriyatinini, ndipo ndicho achipatala amayeza pofuna kudziwa mmene impso zikugwirira ntchito. Mwa munthu amene akumwa ufawu chikhoza kukwerako impso zili bwinobwino. Choncho khoma linene kuti: "Mukamakayezetsa magazi, auzeni adokotala kuti mumamwa kiriyetini."

Kiriyetini si sitiroidi, ndipo sali m'gulu la mankhwala oletsedwa pa mipikisano ya masewera. Choopsa ndi ufa wosadziwika kumene wachokera, wopimidwa m'timapepala, umene ungakhale wosakaniza ndi zina. Mtundu wofufuzidwa kwambiri, womwenso ndi wotsika mtengo, ndi wa monohaidireti. Ugulidwe m'chitini chomata, chosonyeza tsiku lothera ntchito, ndipo usungidwe pouma. Wosungunula kale amwedwe tsiku lomwelo. Wofuna kusiya angosiya: mlingo wa m'minofu umabwerera mwakale pakatha masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi.