Uthenga wolandirana umachedwa: zowerengera ziwiri za m'makina amagetsi

Wotchi ya batire imene mwapachika pakhoma, ngakhale yotchipa ya pamsika, ili ndi kamwala kakang'ono ka kirisitalo m'kati mwake. Magetsi akakakhudza, kamanjenjemera maulendo 32,768 pa sekondi iliyonse. Nambalayi sanaitole pamsewu. Mukaigawa pawiri mupeza 16,384, mukagawanso mupeza 8,192, ndipo mukapitiriza choncho maulendo 15 mutsala ndi 1. Ndiye kuti m'wotchimo muli timaswichi 15 tondandalikana, kalikonse kakudula pakati liwiro la kanzake, mpaka kotsiriza kamagunda kamodzi pa sekondi n'kusuntha muvi. Mndandanda wa timaswichi woterewu ndi chowerengera, ndipo amisiri a zamagetsi amachimanga m'njira ziwiri zimene zimatulutsa nambala zofanana koma zimasiyana kwambiri pa liwiro.

Kaswichi kamene tikunenaka amakatcha fulipifulopu. Sikadziwa zambiri: kamasunga 0 kapena 1 basi. Kali ndi khutu limodzi, waya amene amamutcha koloko, ndipo kakamva kugunda pa wayayo kamatembenuka, 0 n'kukhala 1, kapena 1 n'kukhala 0. Mukaika tinayi pamodzi mumatha kuwerenga kuyambira 0 mpaka 15. Ka kumanja kwenikweni kamaimira 1, kotsatira 2, kenako 4, ndipo ka kumanzere kamaimira 8. Choncho 0111 ndi 4 kuphatikiza 2 kuphatikiza 1, yomwe ndi 7, pamene 1000 ndi 8.

Njira yoyamba yolumikizira timaswichiti ndi yolandirana, imene amisiri amaitcha ripulo kaunta. Koloko imafika pa kaswichi koyamba kokha. Kachiwiri kamamvera koyamba: koyambako kakagwa kuchoka pa 1 kubwerera pa 0, kachiwiri kamatembenuka. Kachitatu kamamvera kachiwiri, kachinayi kamamvera kachitatu. Zili ngati anthu amene afola mzere kulandirana njerwa kuchoka pa uvuni kupita pamaziko. Wakumapeto sangagwire njerwa isanadutse m'manja mwa anzake onse. Kukongola kwa njirayi n'kwakuti sifuna zipangizo zina zowonjezera. Tchipi chotchedwa 74HC4040 chili ndi timaswichi 12 tolumikizidwa motere, ndipo CD4060 chili ndi 14.

Vuto lagona poti palibe kaswichi kamene kamatembenuka nthawi yomweyo kakangomva kugunda. Matiranzisita a m'kati mwake amafuna kanthawi kuti atseguke kapena atsekeke, ndipo magetsi amafuna kanthawi kuti adzaze waya wotulukira. Kanthawi kameneka amakayeza m'mananosekondi. Sekondi imodzi ili ndi mananosekondi 1 biliyoni, ndipo m'nanosekondi imodzi kuwala kumayenda pafupifupi masentimita 30 okha, utali wa rula ya mwana wasukulu. Kuti masamu asativute, tiyerekeze kuti kaswichi kalikonse kamachedwa mananosekondi 10.

Tsopano tione chimene chimachitika chowerengera chathu chikamachoka pa 7 kupita pa 8. Chili pa 0111, koloko yagunda. Pakapita mananosekondi 10, kaswichi koyamba kagwa, ndipo mawaya akuonetsa 0110, yomwe ndi 6. Kugwako kwadzutsa kachiwiri, kamene nako kagwa pa 20, ndipo tsopano tikuona 0100, yomwe ndi 4. Kachitatu kagwa pa 30, mawaya onse ali pa 0000. Pa 40 m'pamene kachinayi kakudzuka, 1000 n'kuoneka.

```
0 ns    0111 = 7
10 ns   0110 = 6
20 ns   0100 = 4
30 ns   0000 = 0
40 ns   1000 = 8
```

Pa ulendo wochoka pa 7 kufika pa 8, chowerengeracho chanama katatu: chati 6, chati 4, chati 0. Palibe chimene chawonongeka. Umu ndi mmene chinapangidwira, ndipo aliyense woyang'ana m'kati mwa mananosekondi 40 amenewo aona nambala yabodza.

Malire a liwiro amachokera pomwepa. Kuti nambala iwerengeke, uthenga uyenera kufika kumapeto kwa mzere koloko isanagundenso. Ndi timaswichi tinayi, kugunda kuwiri kuyenera kutalikirana koposa mananosekondi 40, kutanthauza kuti koloko isafike pa maulendo 25 miliyoni pa sekondi, kapena kuti 25 MHz. Lamulo lake ndi ili: `f = 1 / (n × t)`, pamene n ndi kuchuluka kwa timaswichi, t ndi kuchedwa kwa kamodzi. Mzere ukatalika, liwiro limatsika. Timaswichi 12 tifuna mananosekondi 120, ndipo malire agwa kufika pa 8.3 MHz. Timaswichi 16 titsitsa malirewo kufika pa 6.25 MHz. Ndipotu pamalire enieniwo nambala yoona imangoti yaoneka n'kuchoka, choncho mmisiri wanzeru amasiya mpata wokwanira.

Nanga mukakakamiza? Tengani chowerengera cha timaswichi 12 chija, muchipatse koloko ya 20 MHz, yomwe imagunda mananosekondi 50 alionse. Kaswichi koyamba sikadandaula, chifukwa iko kamangofuna 10. Koma pochoka pa 2,047 kupita pa 2,048, timaswichi tonse 12 tiyenera kutembenuka motsatizana. Pamene kotsiriza kakudzuka pa 120, koloko yagunda kale kawiri kena, ndipo timaswichi toyambirira tapita patsogolo. Nambala 2,048 siioneka pa mawayawo pa nthawi yake ngakhale kamphindi. Chowerengeracho sichinataye kugunda kulikonse, ndipo mutaimitsa koloko n'kudikira pang'ono, chidzakupatsani yankho lolondola. Chimene mwataya ndi mwayi woliwerenga chili pa ulendo.

Ngakhale pa liwiro lochepa, mabodza aja amaluma. Tinene kuti mwaika kaseketi kolondera nambala 4, kuti ikafika kachite kanthu. Pa kuzungulira kumodzi, kuyambira 0 mpaka 15, 4 imayenera kubwera kamodzi. Koma taona kale kuti imasuzumira pakati pa 7 ndi 8. Imasuzumiranso pakati pa 5 ndi 6, popeza 0101 imayamba yakhala 0100 isanakhale 0110. Mukalumikiza kababu simudzaona cholakwika, chifukwa diso silingagwire kuthwanima kwa mananosekondi 10. Koma ngati kumapeto kwa wayayo kuli chowerengera china chachangu, icho chikhoza kulemba katatu m'malo mwa kamodzi. Apa m'pamene wophunzira zamagetsi amaswera mutu: seketi ikuoneka bwino pa mababu, koma masamu ake sakutuluka. Njira yodziwira ndi kugwiritsa osilosikopu, makina oonetsa mafunde a magetsi pagalasi. Mukaika mawaya anayi aja pamodzi, m'malo mosintha pamzere umodzi woongoka, amasintha ngati masitepe, aliyense pambuyo pa mnzake, ndipo pa waya wa mlonda uja mumaona timinga tating'ono pamalo pamene payenera kukhala bata. Mankhwala ake ndi awiri: kumuuza mlondayo kuti aziyang'ana pokhapokha mafunde atakhazikika, kapena kusintha chowerengera.

Njira yachiwiri ndi yoyendera limodzi, imene amisiri amaitcha sinkoronasi kaunta. Muno waya wa koloko umapita ku timaswichi tonse mwachindunji. Taganizani za gule: ovina samadikira kuona phazi la mnzawo, onse amamvera ng'oma imodzi. Koma ngati tonse tikumva kugunda, kaswichi kamadziwa bwanji kuti ulendo uno ndi wake? Pali lamulo limodzi losavuta: kaswichi katembenuke pokhapokha timaswichi tonse ta kumanja kwake tili pa 1. Lamuloli limasungidwa ndi timageti ta `AND`, timene timatulutsa 1 ngati zolowa zake zonse zili 1. Timagetiti timagwira ntchito yake m'kampata ka pakati pa kugunda kuwiri, kotero kuti koloko ikamafika, kaswichi kalikonse kamakhala katadziwa kale zochita.

Tibwerere pa 7 paja. Pa 0111, kaswichi koyamba kamatembenuka nthawi zonse. Kachiwiri kaona 1 kumanja kwake, kakonzeka. Kachitatu kaona 11, kakonzeka. Kachinayi kaona 111, nako kakonzeka. Koloko ikagunda, tonse tinayi titembenuka pamodzi, ndipo pakapita mananosekondi 10 nambala 8 yafika. Tikawonjezera 5 a geti ndi 5 ena oti kaswichi kakhazikike kugunda kwina kusanabwere, tipeza 20, kutanthauza 50 MHz. Chachikulu n'chakuti kuwonjezera timaswichi sikuwonjezera 10 pa kalikonse monga zinalili mu mzere wolandirana uja. Matchipi monga 74HC161 ndi 74HC163 ndi a mtundu umenewu, ndipo m'makompyuta, mmene nambala imawerengedwa pa kugunda kulikonse, ndiwo mtundu umene umalamulira.

Komatu palibe chaulere. Chowerengera choyendera limodzi chimafuna mageti ambiri, ndipo kaswichi kakumapeto kamafuna geti yoyang'ana anzake onse. Opanga akafuna kupulumutsa zipangizo amalumikiza magetiwo mondandalika, kuchedwa n'kuyambanso kuunjikana, ngakhale pang'ono poyerekeza ndi kuja. Timaswichi take sitisinthanso pa kamphindi kofanana ndendende, choncho timinga tina tating'ono tikhoza kutsalabe. Chimadyanso magetsi ambiri, chifukwa waya wa koloko umagogoda pakhomo la kaswichi kalikonse pa kugunda kulikonse, ngakhale kamene kalibe chochita.

N'chifukwa chake ntchito yonga ya m'wotchi ija imayenerana ndi mzere wolandirana. Palibe amene akufuna kuwerenga nambala za pakati; chofunika ndi kugunda kwa kaswichi kotsiriza kokha. Ngakhale kaswichi kalikonse katachedwa mananosekondi 100, tonse 15 tichedwa 1,500, pamene kugunda kumodzi kwa kamwala kaja kumatenga pafupifupi 30,500. Kuchedwako sikuunjikananso tsiku ndi tsiku, chifukwa sekondi iliyonse imachedwa mofanana ndi inzake, ndipo mpata wa pakati pawo umakhalabe sekondi imodzi. Pa nkhani ya batire, kaswichi kachiwiri kamagwira theka la ntchito ya koyamba, kachitatu theka la ntchito ya kachiwiri, moti ntchito ya mzere wonse siifika kawiri ya koyambako. Zimenezi zimathandiza kuti kabatire kamodzi kakhalitse.

Choncho musanagule tchipi, dzifunseni chimene mukufuna kwa chowerengeracho. Ngati mukungofuna kugawa liwiro la koloko, cholandirana chikukwanirani, ndipo sichidya magetsi ambiri. Koma ngati pali seketi ina imene iziwerenga nambala koloko ili m'kati mogunda, chulukitsani kuchedwa kwa kaswichi kamodzi ndi kuchuluka kwa timaswichi. Yankho likayandikira mpata wa pakati pa kugunda kuwiri, gulani choyendera limodzi.