Dzuwa la Okutobala: mkanjo uwina bwanji jinzi yothina?

Imani pa Kulima Tower masana mwezi uno muone anthu akutsika minibasi. Mnyamata wa jinzi yothina na shati yogwira thupi, msana wonse wanyowa, nsalu yamamatira monga pepala. Pambali pake padutsa amdala ovala mkanjo wautali kufika ku akakolo, ayenda bwinobwino kulowera ku Kamwala. Mwina mudzaganiza kuti amdala ndiye akupsa, pakuti nsalu yawo ni yambiri. Koma kambiri zimakhala zosiyana: wovala zochepa koma zothina ndiye avutika maningi.

Nkhani yonse ili pa thukuta. Mu Okutobala kutentha kwa mu Lusaka kumapitirira madigiri 30 masana, pamene khungu la munthu limakhala cha m'ma 33 mpaka 35. Mpweya ukatentha pafupifupi chimodzimodzi na khungu, sungachotsenso kutentha kwambiri m'thupi. Chotsala ni thukuta. Koma thukuta siliziziritsa pongotuluka iyayi. Limaziziritsa pouma, chifukwa madzi akamasanduka nthunzi amatenga kutentha pakhungu. Thukuta lotsika mumsana kapena longonyowetsa lamba wa thalauzi ni madzi otayika chabe.

Mwayi wathu ni wakuti mvula isanayambe mpweya wa mu Lusaka umakhala wouma, choncho thukuta lingaume msanga ngati mphepo ifika pakhungu. Apa m'pamene chovala chimathandiza kapena kuwononga.

Jinzi yothina siisiya mpata pakati pa nsalu na khungu. Nsalu yake ni yokhuthala, yolukidwa mothinana, ndipo ikamwa thukuta imachedwa kuuma. Dzuwa likaomba pa ntchafu, nsalu imatentha n'kupereka kutenthako ku khungu mwachindunji, pakuti zagundana. Kumbuyo kwa maondo na m'mphechepeche mumakhala monyowa tsiku lonse. M'menemo ndi momwe mumayambira tizilonda toyabwa ta thukuta, kunyuka kwa khungu na zipere.

Manje onani mkanjo. Uli na khomo pansi, uli na khomo pakhosi na m'manja, ndipo pakati pali mpata. Mpweya wotentha umakwera m'mwamba, kutulukira pakhosi, wina watsopano n'kulowera pansi, monga momwe utsi umakwerera mu chumuni. Munthu akayenda, nsalu imakupiza monga mvukuto wa osula, kutulutsa mpweya wonyowa n'kukoka wouma. Pamwamba pa izo, mkanjo ni mthunzi woyenda nawo: dzuwa limagwera pa nsalu, osati pakhungu.

Izi zinayesedwapo. Mu 1980 magazini ya sayansi ya Nature inasindikiza kafukufuku wa Amiram Shkolnik na anzake, amene anafuna kudziwa chifukwa chake Abedu a m'chipululu amavala mikanjo yakuda. Anaimika munthu padzuwa m'chipululu cha Negev, nthawi ina atavala mkanjo wakuda, nthawi ina woyera. Pamwamba pa nsalu yakuda panatentha kuposa pa yoyera, pafupifupi madigiri 47 poyerekeza na 41. Koma kutentha kofika m'thupi kunali kofanana. Kutentha kowonjezera kwa nsalu yakuda kunachoka na mpweya woyenda m'kati kusanafike pakhungu.

Osathamangira kugula sikipa yakuda ati sayansi yavomereza. Mkanjo wakuda unapulumuka chifukwa cha mpata. Sikipa yakuda yothina ilibe mpata, ndiye kutentha konse kumathera pamsana panu. Ngati muvala zogwira thupi padzuwa, sankhani mtundu wowala.

Kuno kwathu nzeru iyi si yachilendo. Chitenge chomangidwa m'chiuno n'chotseguka pansi. Siziba ya azibambo Achilozi imasiya miyendo pamphepo. Ngakhale suti ya Kaunda, imene Ba KK anaitchukitsa, ili na nzeru yomweyo: khosi lotseguka, tayi palibe, ndipo jekete yake siipisiridwa m'thalauzi, choncho mpweya umalowa pansi n'kutuluka pamwamba. Shati yopisira, lamba wothina na tayi zimatseka makomo onse awiri. Nsalu ingakhale yabwino bwanji, chumuni chotsekedwa sichikoka.

Nanga mpata wokwanira ni wotani? Tiyeni tipite kwa telala pa msika wa Kabwata na tepi m'manja. Tinene kuti chifuwa chanu ni masentimita 96. Shati yothina imasokedwa pa 98 kapena 100, ndipo mpata wotsala pakati pa nsalu na khungu sufika ngakhale sentimita imodzi. Mukauza telala asoke pa 111, mwawonjezera masentimita 15 kuzungulira thupi, ndipo mpata umakhala wopitirira pang'ono masentimita 2 mbali zonse, kukula kwa chala chimodzi na theka. Ndi wokwanira kuti nsalu izigwedera mukamayenda. Muuzeni asiye timipata m'mbali mwa mpendero, manja akhale otakasuka, ndipo asaike nsalu ya m'kati yoterera ija. Madiresi ambiri a chitenge a ku kitcheni pate amatentha chifukwa cha nsalu ya m'katiyo, osati chitenge.

Nsalu nayo muiyese. Zitenge zambiri zotchipa masiku ano n'za poliyesitala, imene siimwa madzi, ndiye thukuta limangoterera pakhungu. Thonje limamwa thukuta n'kulifalitsa kuti liume. Pogula ku Kamwala kapena posankha salaula ku Soweto, kwezani nsalu padzuwa: ngati kuwala kudutsa pang'ono pakati pa ulusi, mphepo nayo idzadutsa. Ikani pakamwa muuzire, dzanja lili kuseri, mumve ngati mpweya ufika. Kunyumba mungazule kaulusi m'mphepete n'kukayatsa na machisi pa mbale. Thonje limanunkha monga pepala lopsa ndipo limasiya phulusa lofewa. Poliyesitala imasungunuka n'kusiya kampira kolimba.

Koma tisanamizane, chovala chotakasuka chili na malire ake. Mukakhala anayi pa mpando mu minibasi ya ku Chelstone, basi yaima pa mzere wa magalimoto mu msewu wa Great East, nsalu imapanikizika pamsana na pampando, mpata watha. Pamenepo chokuthandizani ni kupepuka kwa nsalu na windo yotseguka basi. Mkanjo umagwira ntchito mukaimirira kapena mukamayenda, monga uja wotsika pa Woodlands n'kuyenda wapansi kupita ku ntchito ku Kabulonga. Mvula ikayamba mu Novembala, mpweya umanyowa, thukuta limachedwa kuuma, ndipo nsalu yokhuthala imalemera ngakhale ikhale yotakasuka.

Palinso ntchito zosafuna zolendewera. Wogwira makina ozungulira, wowotcherera zitsulo, wokwera njinga, asavale zokupiza. Amayi ophika pa mbaula asamale mpendero wa diresi, makamaka ya poliyesitala, chifukwa ikagwira moto imasungunukira pakhungu. Othamanga m'mawa angavale zothina zamasewera zopyapyala, pakuti liwiro lawo limabweretsa mphepo. Zovala zomwezo pa mzere wa basi masana sizithandiza chimodzimodzi.

Mawa m'mawa musanatuluke, yesani izi. Valani, kwezani manja, yendani mapazi asanu m'chipinda. Ngati mwamva kamphepo kakudutsa pamimba kapena kumsana, chovalacho chikupuma. Madzulo mukavula, yang'anani pakhungu. Mukapeza mizera ya lamba na misoko itadinda m'chiuno na m'ntchafu, jinzi imeneyo ipindeni bwino, idikire Juni.